Folti ili pa fida imodzi koma inkama yazimitsa onse: poyambira kufufuza

Dandaulo lake limakhala lomwelomweli. Mtengo wagwera pa laini imodzi, kapena kebulo imodzi yaphulika, koma m'malo moti bureka ya fida imeneyo igwe yokha, yagwa ndi inkama, bureka yaikulu imene imalowetsa magetsi kuchoka ku thiransifoma kufika pa basiba, pamene mafida onse amatengera magetsi. Mafida onse azima. Wa pa ntchito akweza inkama, magetsi abwerera, nkhani n'kuiwalika mpaka mvula yamkuntho yotsatira.

Rileyi ya fida ndi ya inkama zimaona folti yomweyo, ndipo zonse zimayamba kuwerenga nthawi pa kamphindi kamodzi. Inkama ilibe njira yodziwira kuti folti ili pa fida kapena pa basiba. Chimene chimaiteteza kuti isagwe ndi mpata wa nthawi basi: iyenera kudikira mpaka bureka ya fida itamaliza kudula karenti. Mpatawo uyenera kukwanira nthawi yotsegukira bureka, kulakwitsa pang'ono kwa marileyi awiriwo ndi ma CT awo oyezera karenti, kupitirira kwa rileyi ya inkama karenti itatha kale, ndi kapadera kongodzitetezera. Pa marileyi akale a disiki ambiri amasiya masekondi 0.4. Pa marileyi amakono a dijito okhala ndi mabureka othamanga amasiya pakati pa 0.2 ndi 0.3. M'zitsanzo zonse pansipa ndatenga 0.3.

## Musanakhudze batani lililonse

Umboni wambiri umatayika m'mphindi zisanu zoyambirira, munthu akangolowa n'kudina batani lozimitsa timagetsi ta pa panelo. Musanatero:

- Jambulani timagetsi ndi timbendera ta marileyi onse, ngakhale a mafida amene sanagwe.
- Tsitsani rekodi ya zochitika ndi ya mafunde a karenti ku rileyi ya inkama ndi ya fida.
- Lembani chigawo chenicheni chimene chathiripa: I>, I>>, IN>, kapena nambala monga 51, 50, 51N, 64REF, 87T, 50BF.
- Yerekezani mawotchi a marileyi awiriwo. Akasiyana ndi masekondi angapo, gwirizanitsani marekodiwo poyambira pamene karenti inalumpha.
- Werengani maseting'i amene ali mu rileyi momwemo, osati amene ali pa pepala la mu ofesi.

Mawu oti "inkama yathiripa" sakuthandizani kanthu mpaka mutadziwa chigawo chake. Ngati ndi 87T, 64REF kapena Buchholz, pitani ku gawo lomaliza, chifukwa mwina vuto lili mu thiransifoma momwemo.

## Chizindikiro choyamba: fida ndi inkama zagwa pamodzi

Ichi ndiye chofala koposa, ndipo ndikhalitsapo.

1. Mpata unachepa wina atasintha seting'i ya fida. Titenge thiransifoma ya 10 MVA, 33/11 kV, Dyn11. Karenti yake yodzaza mbali ya 11 kV ndi 525 A, ndipo folti ya mafezi atatu pa basiba imafika 6,000 A. Marileyi onse ali pa kevu ya SI ya IEC 60255, pamene I ndi karenti ya folti, Is ndi poyambira kuwerenga, ndipo TMS ndi chochulukitsira nthawi:

```
t = TMS × 0.14 / ((I / Is)^0.02 − 1)
```

Fida imayamba kuwerenga pa 400 A, inkama pa 630 A. Poyamba fida inali ndi TMS 0.05, inkama 0.15. Pa 6,000 A fida inkathiripa pa masekondi 0.13, inkama pa 0.46, ndipo mpata wa 0.33 unali wokwanira. Kenako pa laini ija panaikidwa rikuloza, bureka yodzitsekanso yokha, ndipo kuti fida izidikira rikulozayo, TMS yake inakwezedwa kufika 0.15. Ya inkama palibe anaiganizira.

```
fida:   6000/400 = 15.0   t = 0.15 × 2.52 = 0.38 s
inkama: 6000/630 = 9.5    t = 0.15 × 3.04 = 0.46 s
```

Mpata watsala masekondi 0.08. Bureka ya fida ikatenga 0.08 kuti itseguke n'kuzimitsa moto wa pakati pa makontaki, ndiye kuti inkama yafika kale pomwe imatumiza lamulo lake. Zonse ziwiri zigwa.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti sizichitika nthawi zonse. Folti ikakhala kutali, tinene 1,500 A, fida imathiripa pa 0.78 pomwe inkama ikanafika pa 1.20, ndipo zonse zimayenda bwino. Ndiye munthu amati, "Mwezi wathawu fida yomweyi inagwa yokha bwinobwino, maseting'i alibe vuto." Ayi ndithu, vuto lilipo. Pa kevu imodzi, mpata umachepa karenti ikamakwera, choncho poyesera ndi pa folti ya pafupi penipeni ndi bureka ya fida.

Kukonza kwake: inkama iyenera kufika 0.38 kuphatikiza 0.3, yomwe ndi 0.68. Tikagawa ndi 3.04 tikupeza TMS 0.224, ndipo timakwezera m'mwamba kufika 0.23, yomwe ikupereka masekondi 0.70. Koma ine sindithamangira kuchedwetsa inkama. Ndimayamba ndafunsa ngati fida ikufunikadi 0.15. Nthawi zambiri rikuloza imakhala kutali, kumene folti ndi yaing'ono, ndiye fida ikhoza kupatsidwa I>> yothamanga yogwira mafolti a pafupi okha, bola iikidwe pamwamba pa karenti ya folti ya pamene pali rikulozayo. Mukatero, poyesera mpata pamatsika kuchoka pa 6,000 A kufika pa seting'i ya I>> ija, pamene makevu awiriwo ndi otalikirana. Kumbukiraninso kuti inkama iyenera kudikira fida yochedwetsetsa mwa onse, osati yokhayo imene yavuta lero.

2. Inkama ili ndi I>> yopanda nthawi yodikira. Folti ya pa basiba ndi folti ya pa mamita khumi oyambirira a kebulo ya fida zimakoka karenti yofanana. Palibe nambala ya maampu imene ingasiyanitse ziwirizi. Mukaona inkama yathiripa pasanathe masekondi 0.1, onani I>>. Ipatseni nthawi yoposa ya mafida, kapena izimitseni, pokhapokha ngati pali dongosolo lotchinga.

3. Dongosolo lotchinga laduka. M'masabusiteshoni ambiri inkama imakhala ndi chigawo chothamanga cha masekondi pafupifupi 0.1, ndipo fida iliyonse ikangoyamba kuwerenga imatumiza chizindikiro choti "folti ili kwanga, dikira". Chizindikirocho chikapanda kufika, inkama imaganiza kuti folti ili pa basiba. Onani mu rekodi ya inkama ngati polowera chizindikirocho panayaka. Kawirikawiri ndi waya womasuka, fyuzi ya DC yopsa, kapena fida yatsopano imene inawonjezeredwa popanda kulumikizidwa ku waya wotchingawo.

4. Makevu ndi osiyana ndipo amadutsana. Fida ikakhala pa SI, inkama pa VI kapena EI, inkama imachedwa pa karenti yaing'ono koma imathamanga kwambiri pa yaikulu. Jambulani makevu onse awiri pa pepala limodzi, mu maampu enieni a mbali ya 11 kV, kuyambira poyambira kuwerenga mpaka pa folti yaikulu. Onaninso buku la rileyi, chifukwa ena amasiya kuthamanga karenti ikapitirira ka 20 kapena ka 30 kuposa seting'i. Fida ya seting'i yaing'ono imafika msanga pamalire amenewo pomwe inkama ikupitiriza kuthamanga.

5. Bureka ya fida yayamba kuchedwa. Mu rekodi, yezani nthawi kuchoka pamene rileyi inatumiza lamulo mpaka pamene karenti inatha. Ikapitirira kwambiri zimene wopanga analemba, vuto ndi girisi wouma kapena batire lofooka. Bureka imene yakhala chaka osatseguka imachedwa pa ulendo woyamba wokha, ndipo mukaiyesa pambuyo pake imaoneka yabwinobwino. N'chifukwa chake rekodi ya folti yeniyeniyo ndi yodalirika kuposa mayeso a tsiku lotsatira.

6. Inkama ya disiki sibwerera msanga. Ngati fida imadzitsekanso yokha, disiki ya rileyi yakale ya inkama imakhala isanabwerere poyambira pamene folti ikubweranso, ndiye imapitiriza pamene inalekera. Chizindikiro chake n'chakuti inkama imagwa pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu, osati woyamba.

Pali china chimene ambiri amaiwala powerengera. Inkama imanyamula karenti ya folti pamodzi ndi katundu wa mafida ena onse. Pa folti ya kutali ija ya 1,500 A, mafida ena akamakoka 300 A, inkama imaona mpaka 1,800 A, ndipo pa TMS 0.15 nthawi yake imatsika kuchoka pa 1.20 kufika pa 0.99. Mpata umene unkaoneka ngati 0.42 wasanduka 0.21.

## Chizindikiro chachiwiri: inkama yagwa, fida siinagwe

Apa musathamangire ku maseting'i. Mwina inkama yachita ntchito yake molondola.

1. Rileyi ya fida inalamula, bureka siinamve. Kamagetsi ka thiripu kayaka pa fida koma bureka ikadali yotseka. Tsegulani kabokosi ka mawaya mununkhize: koyilo yothiripitsa ikapsa imasiya fungo la vanishi wopserera, ndipo pepala loikulunga limada. Yezani voliteji ya batire chaja itazimitsidwa, katundu ali pomwepo, chifukwa batire lakufa limaonetsa voliteji yabwino chaja ikamayaka. Onaninso fyuzi ya thiripu ndi malinki amene mwina anasiyidwa otsegula pambuyo pa mayeso. Bureka yotereyi isabwezeredwe pa ntchito isanakonzedwe.

2. Folti ilidi pa basiba. Palibe fida imene inayamba kuwerenga, koma inkama yaona karenti yaikulu. Funani mwaye, fungo la kupsa, kapena chitseko chotupa pa panelo. Folti ikakhala pakati pa bureka ya fida ndi CT yake imaonekanso chimodzimodzi. Musakweze inkama.

3. Rileyi ya fida sikuona karenti. Laini ili ndi katundu koma rileyi ikuonetsa 0 A, kapena theka la zimene mita ina ikuonetsa. Mwina linki yofupikitsa CT inaiwalika, kapena chiwerengero cha CT chinalembedwa molakwika: CT ndi ya 400/1 koma waya walumikizidwa pa tapu ya 800/1, ndiye rileyi ikuona theka la karenti yeniyeni n'kumachedwa. Onaninso gulu la maseting'i limene likugwira ntchito, chifukwa rileyi ikhoza kukhala pa gulu lachiwiri inu mukuwerenga loyamba.

4. CT ya fida yakhuta. CT yolembedwa 5P10 imatsimikizika kuti kulakwitsa kwake sikupitirira magawo 5 pa 100 mpaka karenti yoposa yake ka 10, ikasenza katundu amene inalembedwera. CT ya 200/1 pa 6,000 A ikukakamizidwa ka 30. Chitsulo chake chikakhuta, rileyi imalandira karenti yochepa n'kuchedwa, pomwe CT yaikulu ya inkama ikuona zonse. Mu rekodi, mafunde a fida amaoneka odukaduka ngati mano a sowo, ndipo karenti yake imachepera ya inkama. Zimachitika kwambiri pa mafida ang'onoang'ono, monga ya thiransifoma yodyetsa sabusiteshoni yomweyo, makamaka pamene thiransifoma yaikulu inasinthidwa n'kuikapo yamphamvu koma ma CT n'kutsala akale.

## Chizindikiro chachitatu: zimachitika pa folti yopita pansi yokha

Mafolti a pakati pa mafezi akuyenda bwino, koma waya ukagwa pansi kapena nthambi ikakhudza fezi imodzi, inkama imagwa.

1. Rileyi ya pa nyutulo ili pa nthawi yokhazikika, fida ili pa kevu. Tinene nyutulo yapita pansi kudzera pa rezisita yoletsa karenti kupitirira 1,000 A. Fida ili ndi IN> ya 80 A, SI, TMS 0.15. Rileyi ya pa nyutulo ili pa 100 A ndi sekondi imodzi yokhazikika. Pa 1,000 A fida imathiripa pa 0.41, palibe vuto. Koma waya ukagwera pa nthaka youma n'kukoka 150 A yokha, fida imafuna masekondi 1.66, ndipo ya pa nyutulo imaidutsa pa 1.0. Apa poopsa ndi pa karenti yaing'ono, mosiyana ndi chizindikiro choyamba. Pa 100 A penipeni fidayo imatenga masekondi 4.7. Choncho muike rileyi ya pa nyutulo pa kevu ya SI yomweyo ndi TMS yokwera, kapena nthawi yake yokhazikika ikhale masekondi 5 kapena kuposerapo. Zonsezi zisapitirire nthawi imene rezisita ingapirire, yomwe yalembedwa pa chikwangwani chake, kawirikawiri masekondi 10 kapena 30.

2. Poyambira kuwerenga pa inkama ndi potsika kuposa pa fida. Izi zimabwera anthu akamaganiza m'maperesenti. Magawo 10 pa 100 a CT ya 600/1 ndi 60 A, pomwe magawo 20 pa 100 a CT ya 400/1 ndi 80 A. Folti ya 70 A imaonedwa ndi inkama yokha. Sinthani zonse zikhale maampu enieni musanayerekeze.

3. Chathiripa ndi 64REF. Chitetezo ichi ndi cha folti ya m'kati mwa mawaya a thiransifoma, ndipo sichidikira fida. Chikagwa pa folti imene yapezeka kunja, ganizirani CT ya pa nyutulo yolumikizidwa chozondoka kapena rezisita yokhazikitsa yocheperapo. Kuchiwonjezera nthawi si mankhwala.

## Chizindikiro chachinayi: bureka ya 33 kV ndiyo yagwa

1. Inkama inachedwetsedwa, ya pamwamba n'kuiwalika. Ndi vuto lomwe lija la chizindikiro choyamba, langokwera sitepe imodzi. Mukasuntha inkama kuchoka pa 0.46 kufika pa 0.70, rileyi ya 33 kV iyenera kuwerengeredwanso, ndiponso imene ili kumtunda kwake.

2. Folti ya mafezi awiri pa thiransifoma ya Dyn. Pa folti yotereyi mbali ya 11 kV imaona magawo 86.6 pa 100 a folti ya mafezi atatu, kwa ife pafupifupi 5,200 A, ndipo inkama pa TMS 0.23 imachedwerako kufika 0.75. Koma mbali ya 33 kV karenti imagawika 2:1:1, ndipo fezi imodzi imanyamula 2,000 A yathunthu ngati kuti folti ndi ya mafezi atatu. Ya pansi yachedwa, ya pamwamba siinachedwe. Choncho rileyi ya 33 kV pa 2,000 A isatsike pa masekondi 1.05.

3. I>> ya 33 kV ikuona kupitirira thiransifoma. Imayenera kukhala pamwamba pa folti yaikulu ya mbali ya 11 kV, kawirikawiri ka 1.2 kapena 1.3. Kwa ife ndi pafupifupi 2,600 A. Ikamagwa poyatsa thiransifoma popanda folti, ganizirani karenti yoyambira, imene kwa kamphindi ingafike ka 8 mpaka ka 12 kuposa karenti yodzaza ya 175 A.

Inkama ya 11 kV ikamagwa mukangobwezera magetsi atazima nthawi yaitali, si folti: mafiriji, mapampu ndi zotenthetsera zonse zikuyamba pamodzi. Tsegulani mafida onse, kwezani inkama, kenako mafidawo imodziimodzi.

## Malire a kuchedwetsa

Kuwonjezera TMS ya inkama n'kophweka, ndipo dandaulo limatha tsiku lomwelo. Koma nthawi yomweyo ndi imene moto ungayake pa basiba munthu ataima kutsogolo kwa panelo. Mphamvu ya moto umenewo imakula molingana ndi nthawi, ndiye kuchoka pa 0.46 kufika pa 0.70 kwaiwonjezera ndi theka. Muyezo wa IEC 60076-5 umayesa kupirira kutentha kwa thiransifoma pa folti kwa masekondi 2 pokhapokha atagwirizana zina, ndipo mapanelo amalembedwa sekondi 1 kapena masekondi 3. Mukaona kuti masitepe akukukankhirani kufupi ndi malire amenewa, njira si kufinya mpata mpaka 0.1. Njira ndi kuthamangitsa mafida ndi I>>, kuika dongosolo lotchinga, kapena chitetezo chapadera cha basiba.

## Lekezani pomwepo, itanani injiniya wa chitetezo

- Kwathiripa 87T, 64REF, Buchholz kapena chotulutsa mpweya cha thiransifoma. Isayatsidwe isanayezedwe.
- Inkama yagwa popanda fida iliyonse kuyamba kuwerenga, kapena pali utsi, mwaye kapena fungo pa panelo.
- Bureka ya fida yakana kutseguka, kapena 50BF, chitetezo cha bureka yokana kutseguka, yagwira ntchito.
- Mukufuna kumasula waya wa CT. Dera lake likatseguka laini ili ndi katundu, pamabuka voliteji yokhoza kupha. Ntchito imeneyi ndi ya munthu wovomerezeka, wokhala ndi chilolezo cholembedwa.
- Thiransifoma yasinthidwa, yachiwiri yayamba kugwira limodzi ndi yoyamba, kapena jenereta yalumikizidwa ku fida. Karenti ya folti ndi kumene imachokera zasintha, ndipo mawerengero onse ayenera kuyambidwanso.
- Kusinthako kukhudza rileyi ya kumtunda imene ili m'manja mwa ena.

Seting'i iliyonse ikasinthidwa, iyezedwe pothira karenti mu rileyi pa malo osachepera atatu a kevu, limodzi likhale la folti yaikulu, ndipo bureka ithiripitsidwe kudzera pa rileyiyo kuti dera lonse litsimikizike. Kenako lembani seting'i yakale, yatsopano, tsiku ndi chifukwa chake, ndipo tsamba la makevu a inkama ndi mafida onse lijambulidwenso tsiku lomwelo.